Mwana wamasewera akamadya mochepa: zimene zimachitika m'thupi mwake

Nyengo ya mipikisano ya masukulu ikayandikira, pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'mphepete mwa mabwalo athu kuno ku Zomba. Mtsikana wa ntchemberembaye kapena wothamanga mtunda wautali amauzidwa kuti walemera, achepetse nsima. Ena amafika ponena kuti mtsikana wamasewera akasiya kusamba ndiye kuti thupi lakhwima, lazolowera ntchito. Makolo amasokonezeka, chifukwa mbali ina amaona mwana akupambana, mbali ina amaona mbale yake ikubwerera ndi nsima.

Madokotala a zamasewera ali ndi dzina la vuto limene limabisala m'nkhani imeneyi. Mu 2014 komiti yoyendetsa masewera a Olimpiki padziko lonse inalitchula mwachidule kuti RED-S, ndipo inalongosolanso zambiri mu 2018 ndi mu 2023. Tanthauzo lake ndi lakuti chakudya chimene wamasewera akudya sichikukwanira ntchito ziwiri, ya m'bwalo ndi ya m'thupi. Kale ankaganiza kuti ndi vuto la atsikana okha. Masiku ano zikudziwika kuti anyamata nawonso limawagwira.

Mphamvu yotsala ndi chiyani?

Chakudya chimapereka mphamvu, ndipo mphamvuyo amaiyeza m'makalore, monga momwe ufa timauyezera m'makilogalamu. Mwana akathamanga, masewerawo amatenga gawo lawo pompopompo, sadikira. Chimene chatsala ndicho thupi limagwiritsa ntchito popopa magazi, kupuma, kuganiza m'kalasi, kulimbana ndi matenda, kumanga mafupa ndi kukula. Ndiye funso lenileni si lakuti mwana wadya zochuluka bwanji, koma lakuti zatsala zingati masewera atatengako.

Tonse timadziwa zimene zimachitika magetsi akachepa m'dziko. Sazima paliponse nthawi imodzi. Malo ofunika kwambiri monga chipatala amayesetsa kuwasiyira, ndipo madera ena ndiwo amagona mumdima. Thupi limachita chimodzimodzi. Mtima, mapapo ndi ubongo limazisiyira mphamvu, koma limayamba kuzimitsa zimene zingadikire: msambo, kukula, kumanga mafupa, kutenthetsa manja ndi mapazi. Mwana amapitiriza kuthamanga, choncho kunja kumaoneka ngati zonse zili bwino.

Munthu wamkulu amene wasiya kukula akhoza kupirira zimenezi kwa kanthawi. Wachinyamata ali ndi ntchito ina yaikulu imene ili ndi nyengo yake. Atsikana ambiri amatalika mofulumira ali ndi zaka 11 kapena 12, anyamata ali ndi zaka 13 kapena 14, ndipo mafupa amapitiriza kukhwima kwa zaka zingapo kutalikako kutatha. Pafupifupi magawo 90 pa 100 aliwonse a kulimba kwa mafupa kumene munthu adzakhale nako moyo wake wonse amakhala atapezeka mtsikana akamafika zaka 18, mnyamata akamafika zaka 20. Zaka zimenezi zikadutsa thupi lili pa njala, kubwezeretsa zonse zimene zatayika kumavuta.

Tiwerengere limodzi tsiku la mtsikana mmodzi

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 3, wokhala ku Chinamwali, amene amathamangira sukulu yake. Pa sikelo amalemera makilogalamu 52. Mwa amenewa, tinene kuti 10 ndi mafuta a m'thupi, ndipo 42 otsalawo ndi minofu, mafupa, magazi ndi ziwalo zam'kati. Akatswiri amawerengera pa 42 amenewa, chifukwa ndi mbali imene imadya mphamvu zambiri.

Muyezo umene amagwiritsa ntchito ndi wakuti, masewera atatengako gawo lawo, kilogalamu iliyonse ya mbali imeneyi izitsalira makalore pafupifupi 45 pa tsiku. Akatsika kufika pansi pa 30, thupi limayamba kuzimitsa zina. Malire a 30 amenewa anachokera makamaka ku kafukufuku wa Anne Loucks ndi mnzake wa ku America, amene anatuluka mu 2003. Iwo anaona kuti masiku asanu okha a chakudya chochepa chotere anali okwanira kusokoneza mahomoni oyendetsa msambo, kutanthauza timadzi timene timanyamula uthenga kuchoka ku chiwalo china kupita ku china kudzera m'magazi. Kafukufukuyo anachitika pa amayi achitsikana amene anali atamaliza kukula, choncho kwa mwana amene akukulabe manambalawa tiziwaona ngati poyambira chabe.

Munthu akathamanga kilomita imodzi amatentha pafupifupi kalore imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Mtsikana wathu akathamanga makilomita 10, ndiye kuti makalore pafupifupi 500 apita. Kuti atsale ndi 45 pa kilogalamu, tichulukitsa 45 ndi 42, zimene zikupereka 1,890, kenako tiwonjezera 500 a m'bwalo aja. Akufunika makalore pafupifupi 2,400 pa tsiku la pulakatisi.

Nanga amadya chiyani? M'mawa tiyi ndi mbatata, makalore ngati 250. Masana nsima ndi nyemba, ngati 800, poganizira kuti ufa wolemera magalamu 100 uli ndi makalore pafupifupi 360 ndipo nsima yake yatenga magalamu 150. Madzulo nsima ina ndi matemba ndi mpiru, 800 enanso. Tinthu tapanjira, 150. Zonse pamodzi 2,000. Tikachotsa 500 n'kugawa ndi 42, akutsala ndi 36. Asanauzidwe ndi munthu aliyense kuti achepetse kudya, mtsikanayu ali kale pansi pa mlingo woyenera, ngakhale sanafike pa ngozi. Ndipo sitinawerengere mtunda wa kusukulu, chitunda chimene amakwera ndi ndowa ya madzi, kapena khasu la Loweruka.

Tsopano tsiku lina wina amuuza kuti chiuno chakula, liwiro latsika. Mtsikanayo asiya mbatata ya m'mawa, azingomwa tiyi. Madzulo azidya theka la nsima. Kwa iye ndi kwa amayi ake zikuoneka ngati kanthu kakang'ono, popeza akudyabe katatu. Koma makalore pafupifupi 500 achoka, ndipo tsiku lake latsikira pa 1,500. Tikachotsa 500 a kuthamanga, 1,000 otsalawo tikawagawa ndi 42 akupereka 24. Wadutsa malire aja.

Masamu awa ndawaika kuti makolo ndi aphunzitsi aone kuchepa kwa kanthu kamene kamagwetsa mwana. Si masamu owapatsa mwanayo kuti aziwerenga chakudya chake tsiku ndi tsiku, chifukwa kuwerenga kotereku n'kumene kumayambitsa mantha a chakudya kwa ana ena.

Chifukwa chiyani poyamba zimaoneka ngati zikuthandiza?

Amene amanena kuti thupi lopepuka limathamanga msanga sakunama kotheratu. Aliyense amene anakwerapo msewu wa Ku Chawe wapansi amadziwa kuti kilogalamu iliyonse imamveka pa chitunda. Milungu yoyambirira mwana akachepetsa kudya, nthawi imene amatenga pothamanga imatha kuchepadi, ndipo kochi amasangalala, anzake amamuyamikira. Kuyamikira kumeneku n'kumene kumamanga chizolowezi.

Chimene sichioneka ndi chakuti mbali ina ya zimene zachokazo si mafuta. Ndi madzi, shuga wosungidwa m'minofu, ndi minofu yeniyeniyo. Pakapita miyezi ingapo, miyendo imalemera pakati pa mpikisano, chimfine sichichoka, kabala kakang'ono kamatenga nthawi kuti kapole. Apa ndi pamene cholakwika chachikulu chimachitika: liwiro likatsika, mwana amaganiza kuti akadali wolemera, ndipo amachepetsanso chakudya kapena kuwonjezera makilomita.

Palinso chinthu china chimene tiyenera kuchimvetsa pa atsikana. Mtsikana akatha msinkhu, thupi limasunga mafuta m'chiuno, m'ntchafu ndi pachifuwa. Ndi mmene linapangidwira, ndipo msambo umadalira zimenezi. Pa nthawi yomweyo anyamata amawonjezera minofu, ndiye liwiro lawo limakwera pamene la atsikana ambiri limaima kapena kutsika kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, kufikira minofu ndi mafupa zitazolowera thupi latsopanolo. Mtsikana amene anali kusiya anzake kumbuyo ali ku pulayimale akhoza kudabwa akugonja ali Fomu 2. Sikuti wachita ulesi kapena wadya mopyola. Kochi amene akudziwa zimenezi amadikira, amaphunzitsa luso ndi kulimbitsa minofu. Amene sakudziwa amaloza chiuno, ndipo mawu amodzi otere ochokera kwa munthu amene mwana amamulemekeza amakhala m'mutu zaka zambiri.

Chikakamizo china chimabwera pa foni: zithunzi za mimba zophwatalala ndi otsatsa tiyi wochepetsa thupi. Tiyi wambiri wotere amagwira ntchito potsegula m'mimba kapena kukodzetsa, choncho chimene chimachoka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, zimene wamasewera amazifuna kwambiri pa dzuwa la Okutobala.

Mungadziwe bwanji?

Sikelo si mboni yodalirika. Thupi likaona kuti chakudya chachepa, limachedwetsa ntchito zake kuti lisawononge zambiri, ndiye mwana akhoza kukhala pa makilogalamu omwewo koma m'kati zambiri zitazima. Komanso kwa mwana wa zaka 14, kukhala chaka chathunthu osawonjezera kulemera kapena msinkhu ndi chizindikiro pachokha, chifukwa amayenera kumakula.

Kwa mtsikana, chizindikiro chomveka bwino ndi msambo. Ubongo ukaona kuti mphamvu zachepa, umachepetsa uthenga wopita ku ziwalo zoberekera, ndipo homoni ya esitirojeni imatsika. Msambo umayamba kudumphadumpha, kenako n'kusiya. Esitirojeni yomweyi ndi imene imateteza mafupa, choncho mwezi uliwonse umene msambo sunabwere chifukwa cha njala, mafupa nawo akuchepekedwa. Mtsikana amene anali kusamba bwino n'kukhala miyezi itatu osasamba, kapena amene wafika zaka 15 asanayambe, ayenera kuonedwa kuchipatala.

Pano pali vuto limene ndi lathu kwambiri. Mtsikana wa sukulu akanena kuti sakusamba, anthu amathamangira kuganiza za mimba. Poopa kukalipiridwa, kapena kuchotsedwa mu timu, amangokhala chete, ndipo ena amasangalala kuti apumula ku vuto la mwezi ndi mwezi. Kuchipatala adzamuyezadi mimba, chifukwa ndi mmene amayambira kwa aliyense, ndipo adzafunsanso za mankhwala olera monga jakisoni amene amatha kuimitsa msambo, ndi matenda ena. Koma mayi, azakhali kapena mphunzitsi wamkazi amene amafunsa modekha kuti, "Mwanangu, kumwezi ukupita bwinobwino?" popanda kuweruza, ndi amene amamva zoona msanga.

Chizindikiro chachiwiri ndi ululu wa fupa. Fupa lofooka likamamenyedwa ndi nthaka youma tsiku ndi tsiku limachita kamng'alu popanda mwana kugwa kapena kumenyedwa. Kawirikawiri zimachitika pa fupa la kutsogolo kwa mwendo, pansi pa bondo, kapena pamwamba pa phazi. Kusiyana kwake ndi kuphwanya kwa minofu n'kwakuti mwana amatha kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, ululu umakula akamathamanga m'malo mochepa thupi likatenthedwa, ndipo kudumpha ndi mwendo umodzi kumamupweteka kwambiri. Masiku oyambirira ekisire imatha kusaonetsa kanthu, choncho chithunzi choyera sichitanthauza kuti abwerere m'bwalo mawa lake.

Zina zimaoneka pakhomo: kumva kuzizira anzake ali bwinobwino, kusinza m'kalasi, kupsa mtima msanga, chizungulire akaimirira, kudzimbidwa. Kwa anyamata palibe msambo wotichenjeza, ndiye zizindikiro zimenezi, pamodzi ndi kuchedwa kutha msinkhu ndi kuvulala kobwerezabwereza, ndizo zotsala. Kutopa kumeneku kumafanana ndi kwa kuchepa kwa magazi, kumene kungabwere chifukwa cha malungo, njoka zam'mimba, kapena likodzo limene limavuta m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa. N'chifukwa chake kuyezetsa magazi kuli bwino kuposa kungoganizira.

Kutseka mpata uja ndi zakudya za pamsika wathu

Tibwerere kwa mtsikana wa ku Chinamwali, amene akusowa makalore pafupifupi 900. Safunika ufa wa m'zitini wa mapuloteni kapena zakumwa zodula. Choyamba, nsima ya madzulo ibwerere mwakale, apo pabwera 270. Nsima si mdani wa wamasewera. Ndi imene imadzaza shuga wa m'minofu amene amayaka pothamanga, ndipo ya mgaiwa ili ndi zofunika zambiri kuposa ya ufa woyera.

Chachiwiri, m'mawa m'malo mwa tiyi yekha adye phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi kashuga. Ufa wa magalamu 60 ndi nsinjiro masipuni atatu zimapereka makalore pafupifupi 400. Mtedza ndi wothandiza kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa magalamu 100 ali ndi makalore oposa 550 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, ndiye umawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba. Izi n'zofunika, chifukwa nsima ndi masamba zimakhutitsa msanga, ndipo mwana akhoza kunena moona mtima kuti wakhuta koma zisanakwane. Kuthamanga kwambiri nakonso kumapha njala kwa kanthawi.

Chachitatu, pulakatisi ikangotha, pasanathe ola limodzi, adye nthochi ziwiri ndi mtedza wodzaza dzanja, zimene ndi makalore ngati 350. Ndi zitatu izi mpata uja watsekeka. Nthawi ya mapeyala, theka la peyala likhoza kulowa m'malo mwa mtedza. Thobwa, chigumu, chinangwa chophika, dzira, zonse zimagwira ntchito. Chofunika n'chakuti pasamakhale maola ambiri opanda kanthu m'mimba, makamaka mbali zonse ziwiri za pulakatisi. Mwana amene wadya nsima 12 koloko, wathamanga 3 koloko, n'kudzadyanso 8 koloko usiku, thupi lake lakhala pa njala nthawi imene limafuna kukonza minofu.

Mafupa amafunanso kashiamu, ndipo wa zaka zapakati pa 9 ndi 18 amalangizidwa mamiligalamu 1,300 pa tsiku, kuposa munthu wamkulu. Mkaka ndi wodula kwa mabanja ambiri, koma matemba, usipa ndi bonya zimene timadya ndi minga yomwe zili ndi kashiamu wochuluka, ndipo bonongwe ndi masamba ena obiriwira amawonjezerapo. Nsomba zomwezi, pamodzi ndi nyemba ndi chiwindi, zimapereka ayironi wopangira magazi, amene mtsikana amafuna wambiri kuposa mnyamata chifukwa cha msambo. Tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, choncho ndi bwino kumwa patapita ola kapena kuposerapo chakudya chitadyedwa, pamene gwafa, lalanje kapena malambe zimathandiza ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba kulowa bwino. Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene ana amaphunzira kusukulu ndi okwanira ngati chitsogozo. Wamasewera amangofunika zochulukirapo, makamaka za m'gulu la zokhutitsa.

Chakudya chikakhala kuti palibe

Si mwana aliyense wosadya mokwanira amene akudzimana. Ambiri ndi oti m'nyumba mulibe, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zikapepuka. Ena ali pa sukulu zogonera komweko, kumene mbale ndi yofanana kwa wothamanga makilomita 10 ndi kwa amene wakhala mu laibulale, ndipo pulakatisi ikatalika amapeza chakudya chatha. Thupi silisiyanitsa chifukwa chake. Mafupa a mwana wosauka ndi a mwana woopa kunenepa amafooka mofanana.

Masamu aja ali ndi mbali ziwiri, ndiye ngati chakudya sichingakwere, masewera atsike. Mtsikana uja akanakhala kuti makalore 2,000 ndiwo onse amene banja lingakwanitse, kuchepetsa kuthamanga kufika pa makilomita 5 kukanakweza zotsala zake kuchoka pa 36 kufika pafupifupi pa 42. Kochi akhoza kusunga masiku awiri a liwiro pa mlungu, ena n'kuwasandutsa a luso ndi kupuma. Funso lakuti "Mwadya chiyani lero?" asanayambe pulakatisi limamuuza zambiri kuposa kuyeza ana pa sikelo pamaso pa anzawo, zimene kwa achinyamata zimabweretsa manyazi ndi mpikisano wa kuonda.

Pamene nkhani yapitirira chakudya

Kwa ana ena, kuchepetsa nsima kumasanduka matenda a maganizo okhudza kadyedwe, ndipo pamenepo kungowonjezera phala sikukwanira. Mwana amabisa chakudya kapena kupatsa ang'ono ake, amanama kuti wadya kwa mnzake, amathamangira kuchimbudzi akangodya kuti akasanze, amamwa mankhwala otsegula m'mimba, amathamanga yekha mobisa ngakhale atavulala, amalira kapena kukwiya akakakamizidwa kudya. Kumukalipira kapena kumuuza kuti akuderera chakudya kumangomuphunzitsa kubisa bwino. Wotere apite naye kuchipatala chapafupi, monga cha Matawale, kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo pofotokoza mutchule momveka kuchuluka kwa masewera amene amachita, zimene amadya, ndi mwezi umene anasamba komaliza. Akakomoka, akamamva kupweteka pachifuwa, kapena akaonda kwambiri m'nthawi yochepa, musadikire. Mwana amene wakhala nthawi yaitali akudya pang'ono kwambiri amayenera kuwonjezeredwa chakudya moyang'aniridwa ndi achipatala, chifukwa kudya zambiri mwadzidzidzi kungasokoneze mchere wa m'magazi ndi kugunda kwa mtima.

Kuchira kumayenda mosiyanasiyana. Mphamvu ndi chisangalalo zimabwerera pakapita masiku kapena milungu. Msambo umatenga miyezi, nthawi zina kuposa chaka, ndipo kawirikawiri umabwerera mwana atawonjezera makilogalamu angapo, zimene kochi ndi makolo ayenera kumuuziratu kuti n'zoyembekezeka. Mapilitsi olera amatha kubweretsa magazi a mwezi ndi mwezi, koma sathetsa njala ya m'thupi, ndipo amabisa chizindikiro chimene chikanasonyeza ngati mwana akuchira. Mafupa ndiwo amachedwa kwambiri, amatenga zaka. Fupa la mwendo limene lachita mng'alu limafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo osathamanga, ndipo kubwerera m'bwalo kuyambe ndi kuyenda, kenako kuthamanga pang'ono pa udzu, ululu ukakhala kuti watheratu.